Zidzolo zatuluka: mmene mungalembere anesi a ku kiliniki meseji yomveka

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino m'makiliniki a kumidzi kuno ku Chipata, meseji imene ndailandira kawirikawiri pafoni ndi iyi: "Anesi, mwana watuluka tizilonda thupi lonse, ndimpatse chiyani?" Wolembayo amakhala ndi nkhawa yeniyeni, ndipo ine ndimafuna kumuthandiza, koma m'mawu amenewa mulibe pogwira. Chikuku, katsabola, mphere, ziwengo za mankhwala ndi kulumidwa ndi nsikidzi, zonsezi munthu angazitche tizilonda thupi lonse. Zina zikhoza kudikira mpaka mawa, zina zimafuna kuti mukwere honda nthawi yomweyo. Ndiye timayamba kufunsana funso limodzilimodzi, netiweki ikuduka, tokutaimu ikutha, mpaka dzuwa kulowa tisanamvane.

Khungu lili ndi khalidwe lake. Matenda ambiri a pakhungu amafanana mukawaona tsiku limodzi, koma amasiyana m'kayendedwe kake: pamene anayambira, kumene analowera, ndi zimene anabwera nazo. Choncho ntchito yanu polemba meseji ndi kufotokoza ulendo wa zidzolozo kuyambira tsiku loyamba mpaka lero, motsatana. Dzina la matendawo tisiyireni ife.

Choyamba onani ngati ino ndi nthawi yolemba

Pali zizindikiro zimene mukaziona musataye nthawi ndi foni. Ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa ndipo munthu akubanika popuma, nyamukani. Ngati m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche mwatuluka zilonda, kapena khungu likusupuka ngati lapsa ndi madzi otentha, nyamukani. Chimodzimodzi ngati thupi latentha kwambiri ndipo khosi lauma, wodwala akulankhula zosamveka kapena akuvuta kudzutsa, ngati mwana wakomoka kapena akukana kuyamwa ndi kumwa, ndiponso ngati ndi khanda losakwana miyezi 2 limene latentha thupi.

Chizindikiro china chimafuna kuyesa. Tengani tambula yagalasi yoonekera, muidinikize pa zidzolozo. Zidzolo zambiri zimazimirira pang'ono zikadinikizidwa, n'kubwereranso mukachotsa. Timadontho takuda kapena tofiirira timene sitisintha ngakhale pang'ono pansi pa galasi tingakhale magazi amene atuluka m'mitsempha ing'onoing'ono, ndipo ngati thupi latenthanso, imeneyo ndi ngozi. Pa khungu lathu lakuda zimenezi zimavuta kuona, choncho yang'anani m'zikhatho, kumapazi kopondera, m'kati mwa zikope ndi m'kamwa kumwamba. Mukapeza zotere pitani ku kiliniki yapafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha Chipata, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete musazengereze. Meseji mungalembe muli m'njira, yongowadziwitsa kuti mukubwera.

Ngati zonsezi palibe, khalani pansi. Mutengereni wodwalayo panja pamthunzi pamene pali kuwala kwa dzuwa, mumuvule malaya, mumuone bwino kutsogolo ndi kumbuyo, m'mutu, m'khwapa, pakati pa zala ndi m'kamwa. Anthu ambiri amalemba zimene aona pa mkono pokha pamene kumsana kuli nkhani ina.

Yambani ndi munthuyo

Mzere woyamba unene kuti ndinu ndani, mukulemba muli mudzi uti, wodwalayo ndi ndani kwa inu, ndipo ali ndi zaka zingati. Kwa mwana wamng'ono nenani miyezi, ndipo tsegulani khadi lake la kusikelo muone ngati analandira katemera wa chikuku. Kuno ku Zambia amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Ngati wodwalayo ndi mayi woyembekezera, nenani pomwepo ndi miyezi yake, chifukwa katsabola amene kwa mwana wa sukulu amangodutsa, kwa mayi wapakati ndi nkhani yaikulu. Nenaninso ngati ali ndi matenda a shuga, khunyu, chifuwa chachikulu kapena kachilombo. Ngati foniyo mumabwerekana ndipo simukufuna kulemba zimenezo, lembani dzina la mankhwala amene amamwa, ife tidzamva.

Tsiku limene zinayamba

Apa ndi pamene mameseji ambiri amasokonekera. "Zayamba kale" kwa wina ndi masiku atatu, kwa wina ndi miyezi iwiri. "Dzana" nayenso amasocheretsa, pakuti meseji ikhoza kuwerengedwa mawa lake. Lembani tsiku ndi deti: Loweruka pa 4 Okutobala, m'mawa. Ngati simukukumbuka, gwirani chinthu chimene chinachitika masiku amenewo, monga tsiku limene munapita kuchigayo, kumaliro kapena kutchalitchi, muwerengere kuchokera pamenepo.

Kenako nenani chimene chinayamba pakati pa zidzolo ndi kudwala kwina. Ichi n'chofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Mwana wa chikuku amayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, ndipo zidzolo zimatuluka patapita masiku atatu kapena anayi. Munthu wa mashingozi amayamba kumva kuwotcha kapena kubaya mbali imodzi ya thupi khungu lisanaonetse kalikonse, matuza n'kubwera pambuyo. Ziwengo za chakudya kapena za kulumidwa ndi njuchi zimatuluka pa mphindi zochepa kapena maola ochepa. Ndiye chiganizo chimodzi chokha chonena kuti "thupi linatentha Lachiwiri, zidzolo zinatuluka Lachisanu" chimatichotsera matenda angapo pa mndandanda.

Pamene zinayambira ndi kumene zalowera

Musalembe kuti thupi lonse pokhapokha ngati mwayang'anadi thupi lonse. Tchulani malo oyamba, kenako achiwiri, ndi tsiku limene zinafika pamenepo. Chikuku chimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, n'kutsika pakhosi, pachifuwa, mpaka kumiyendo m'masiku atatu kapena kuposa pang'ono. Katsabola amakonda kuyambira pachifuwa, kumsana ndi kumaso. Mphere zimakhala pakati pa zala, m'mikono pamene timavala wotchi, m'khwapa, m'chiuno ndi m'matako. Mashingozi amayenda ngati lamba mbali imodzi ndipo sadumpha pakati pa thupi kupita mbali inayo. Chipere chimakula pang'onopang'ono ngati mphete, m'mphepete mokhakhala, pakati pakuoneka ngati payera.

Malo amene sizinafike nawonso anenedwe. Mawu akuti "m'zikhatho ndi kumapazi mulibe, m'kamwa mulibe" ndi uthenga wokwanira, chifukwa pali matenda amene amakonda malo amenewo. Ndipo ngati zidzolo zili pamene chovala sichifika pokha, monga m'mikono ndi m'khosi, munthuyo atachokera kumunda kapena kutchire, timaganizira chitedze, mankhwala opopera mbewu kapena tizilombo toluma.

Pali kanthu kena kothandiza kamene sikalira ndalama. Tengani bolopeni, muzungulize m'mphepete mwa chigamba chimodzi, mulembe nthawi pambali. Mawa mudzaona nokha ngati chadutsa mzerewo. Ziwengo zotupa ngati munthu wakwapulidwa ndi chitedze zimasamuka: chimene munazunguliza chimatha lisanakwane tsiku, china n'kutulukira pena. Koma chigamba chotentha, chopweteka, chimene chadutsa mzere wanu m'maola ochepa, ndi matenda amene akufalikira pansi pa khungu ndipo amafuna kuonedwa tsiku lomwelo.

Mmene zikuonekera

Pano gwiritsani ntchito zinthu za pakhomo. Kodi ndi tating'ono ngati mapira, ngati nyemba, kapena ndi zigamba zazikulu ngati kobiri la K1? Mukasisita ndi chala mutatsinzina, zikumveka zotukuka kapena khungu ndi losalala, mtundu wokha ndiye wasintha? Muli madzi oyera, mafinya, kapena n'zouma? Zapanga nkhanambo? Zili paderapadera kapena zalumikizana?

Za mtundu musadandaule nazo kwambiri. Mabuku ambiri a zachipatala amanena za zidzolo zofiira, koma pa khungu lathu kufiirako sikuoneka bwino. Nthawi zambiri pamangoderapo kuposa khungu lozungulira, kapena pamatuwa, kapena pamanyezimira. Lembani zimene maso anu akuona. Chimene chimatithandiza kwambiri ndi kudziwa ngati zonse zili pa msinkhu umodzi. Katsabola amadziwika chifukwa pa thupi limodzi mumapeza zina zikungotuluka, zina zili ndi madzi, zina zauma kale.

Ngati muli ndi WhatsApp ndipo anesi avomera kulandira zithunzi, jambulani ziwiri kapena zitatu panja masana, popanda fulashi: chimodzi chapatali choonetsa mbali yonse ya thupi, china chapafupi mutaika kobiri pambali kuti kukula kuoneke. Jambulani musanapake kalikonse. Chithunzi cha khungu lopakidwa kalamaini chimangoonetsa kalamaini. Za kumaliseche musajambule, makamaka za mwana. Fotokozani ndi mawu, tidzaona mukafika.

Kuyabwa, kupweteka, kuwotcha

Mawu atatuwa ndi osiyana, ndipo ndikupempha kuti musawasakanize. Funsani wodwalayo kuti akumva chiti. Ngati ndi kuyabwa, funsani nthawi imene kumakula. Kuyabwa kumene kumalusa usiku munthu akafunda, mpaka kumulanda tulo, ndipo ena m'nyumbamo nawonso akukanda, kumatilozera ku mphere. Pamenepo kuchiza munthu mmodzi n'kutaya mankhwala, nyumba yonse imafunika kupaka tsiku limodzi ndi kuchapa zofunda. Mphere zimatenga milungu 4 mpaka 6 zisanayambe kuyabwa kwa munthu amene wazitenga koyamba, choncho mlendo amene anagona nanu mwezi watha ndi woyenera kumutchula.

Poyeza kukula kwa kuyabwa musavutike ndi manambala. Nenani zimene kukulepheretsa: sakugona, wakanda mpaka magazi, kapena akusewera bwinobwino ndipo amangokanda mwa apo ndi apo. Mwana wosalankhula mumamuonera pa kudzikhuta pa mphasa ndi kulira usiku. Ndipo ngati sizikuyabwa n'komwe, lembani zimenezo. Khungu limene likupweteka mukalikhudza mwa munthu amene wayamba mankhwala atsopano limandidetsa nkhawa kuposa limene likuyabwa.

Zina zimene zabwera nazo, ndi funso la mankhwala

Nenani za kutentha thupi. Ngati muli ndi choyezera, lembani nambala ndi nthawi, monga 38.5 cha m'ma 20 awazi. Ngati mulibe, nenani kuti mwamva ndi dzanja, ndipo tchulani ngati munapereka panado, chifukwa amabisa kutentha kwa maola angapo. Onjezani chifuwa, chimfine, maso ofiira, zilonda zapakhosi, mutu, kusanza, kutsegula m'mimba, kupweteka m'mfundo ndi mwanabere. Nenani ngati akudya ndi kumwa.

Tsopano funso limene anthu amaiwala kuposa onse: kodi m'miyezi iwiri yapitayi wayamba mankhwala ena aliwonse? Anthu amayembekezera kuti mankhwala akakana munthu zimaoneka tsiku lomwelo. Nthawi zina zimatero, koma ziwengo zoopsa kwambiri zimakonda kutuluka patapita mlungu umodzi mpaka milungu inayi, zina mochedwerapo, munthu ataiwala kale kuti anayamba piritsi latsopano. Seputirini, Fansida, mankhwala ena a khunyu, a chifuwa chachikulu ndi ena otalikitsa moyo ali m'gulu limeneli. Lembani dzina lake monga lalembedwera pa paketi ndi tsiku limene anayamba kumwa, kapena jambulani paketiyo. Mankhwala ogula pa kantemba, azitsamba, jakisoni, sopo watsopano ndi mafuta oyeretsa khungu, zonse zilowe. Sitikufunsa kuti tikukalipireni. Ndaonapo chipere chimene chinafalikira n'kusintha maonekedwe chifukwa chopakidwa kirimu wa m'kachubu wogula pamsika, uja amaziziritsa kuyabwa msanga, ndipo tikanapanda kuuzidwa sitikanachizindikira.

Pomaliza tchulani ngati pali wina kunyumba, kusukulu kapena m'mudzi amene ali ndi zofanana, ngati wodwalayo anayenda ulendo posachedwa, ndiponso ngati anasenda kapena kudya nyama yofa yokha. Kuno kwathu funso lomalizali si lachabe. M'chaka cha 2011 anthu ambiri ku Chama anadwala antaraki atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha mu mtsinje wa Luangwa, ndipo mu 2023 matendawa anabukanso m'zigawo zambiri za dziko lino. Chilonda chake chimayamba ngati kachotupa koyabwa pa dzanja, pa mkono kapena kumaso, chimatupa mozungulira, pakati n'kuda ngati khala, ndipo nthawi zambiri sichipweteka.

Mmene mayi wina analembera

Mayi wina wa m'mudzi wa kutali ndi kiliniki yathu ananditumizira koyamba mawu awa: "Anesi, abambo a kunyumba atuluka ziwengo, kodi piritoni angathandize?" Ndinamuimbira, tinakambirana mafunso amene ndalemba pamwambapa, ndipo ndinamupempha kuti awaonenso bwino amuna akewo panja n'kulembanso zonse mu meseji imodzi kuti ndionetse a kiliniko ofesala. Imene inabwera inali yotere:

"Mwaswera bwanji anesi. Ndine amake Chisomo a ku mudzi wa kuseri kwa dambo, ndikulembera za abambo a kunyumba, zaka 41. Lero ndi Lolemba pa 6 Okutobala. Zidzolo zinayamba Loweruka pa 4 m'mawa, pachifuwa ndi kumsana. Pa Sondo zinafika m'mikono ndi pamimba, lero zili m'ntchafu. Kumaso, m'zikhatho ndi kumapazi kulibe. Ndi tating'ono ngati mapira, totukuka pang'ono, todera kuposa khungu, kumsana talumikizana. Mulibe madzi kapena mafinya. Ndikadinikiza ndi tambula tikuzimirira. Zikuyabwa usana ndi usiku, dzulo sanagone bwino, koma sizikupweteka. Thupi latentha pang'ono kuyambira dzulo madzulo, ndamva ndi dzanja, panado sanamwe. M'kamwa ndi m'maso mulibe zilonda, akupuma bwino, nsima akudya. Anayamba kumwa Seputirini tsiku lililonse Lachinayi pa 25 Seputembala, wa lero m'mawa amwa kale. Sitinapake chilichonse. Kunyumba palibe wina akukanda. Kodi tibwere lero kapena mawa, ndipo mankhwalawa apitirize?"

Onani mmene meseji imeneyi inagwirira ntchito. Palibe wina akukanda m'nyumba ndipo pakati pa zala sipanatchulidwe, choncho mphere zinapita kumbuyo. Mulibe matuza ndipo zonse ndi za msinkhu umodzi, choncho sizinafanane ndi katsabola. Zinayambira pachifuwa popanda chimfine ndi maso ofiira, zomwe sizigwirizana ndi chikuku. Chimene chinatsala chinali deti: kuchokera pa 25 Seputembala kufika pa 4 Okutobala ndi masiku 9, nthawi yeniyeni imene Seputirini amaonetsera kuti wakana munthu. Kutentha thupi kunawonjezera changu. Yankho lathu linali lalifupi: asamwenso Seputirini, abwere lero lomwe ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ndipo akamva kuwawa pomeza kapena maso akayamba kufiira asadikire njinga ya munthu, apeze honda. Anafika cha m'ma 14 awazi. Tikanayankha meseji yoyamba ija ndi piritoni, bamboyo akanapitiriza kumwa piritsi limene limamudwalitsa, ndipo zidzolo zotere zikhoza kusanduka zija zosupula khungu ndi kutulutsa zilonda m'kamwa.

Mayiyu anachita bwinonso pofunsa ngati mankhwala apitirire m'malo mowasiyitsa yekha. Mankhwala otalikitsa moyo, a khunyu ndi a chifuwa chachikulu ali ndi vuto lake akasiyidwa mwadzidzidzi, choncho amene anawalemba ndiye ayenera kunena choti asiye ndi choti alowetse m'malo mwake. Koma funso limeneli silidikira mawa. Ngati munthu wayamba mankhwala atsopano, watuluka zidzolo ndipo foni siikuyankhidwa, nyamukani tsiku lomwelo nthawi yomwanso isanakwane, mukafunse pamaso.

Potumiza ndi podikira

Si kiliniki iliyonse imene ili ndi foni yolandirira mameseji a odwala. Ulendo wina mukapita kusikelo kapena kukatenga mankhwala, funsani ngati ilipo ndi maola amene amayankha. Kumene kulibe, wothandizira zaumoyo wa m'mudzi mwanu ndiye mlatho, ndipo mawu omwewa mungawalembe pa pepala n'kupita nawo. Amathandiza chimodzimodzi mukakhala pa benchi kutsogolo kwa anesi mutu utabalalika.

Tumizani zonse mu meseji imodzi, kapena ziwiri zotsatana ngati foni ndi yaing'ono, m'malo mwa tizidutswa khumi timene timasakanikirana ndi mameseji a anthu ena. Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu anu, koma muyambe mwakonza m'mutu ndondomeko yomweyi, ndipo musapitirire mphindi ziwiri. Malizani ndi funso limodzi kapena awiri amene mukufuna ayankhidwe, ndipo nenani ngati ulendo wobwera ku kiliniki ndi wautali kapena mtsinje wadzaza, kuti woyankhayo adziwe kuti "bwerani" akutanthauza chiyani kwa inu.

Ngati mukuganizira chikuku kapena katsabola, lembani zimenezo ndipo mufunse polowera. Chikuku chimapatsirana kuyambira masiku 4 zidzolo zisanatuluke mpaka masiku 4 zitatuluka, ndipo mwana wotere akakhala pa mzere wa sikelo akhoza kupatsira makanda amene sanafike miyezi ya katemera. Tikadziwiratu timamuonera pambali. Podikira, mwanayo asapite kusukulu, mumuwenge zikhadabo, mumumwetse madzi kapena kumuyamwitsa pafupipafupi, ndipo musam'patse asipirini. Ngati thupi latentha, panado pa muyezo wa msinkhu wake ndi wokwanira.

Yankho likachedwa, yang'ananinso wodwalayo madzulo ndi m'mawa, muone mzere wa bolopeni uja, mutsegule m'kamwa ndi m'maso. Chikasintha chinthu, tumizani meseji yaifupi pansi pa yoyamba ija yonena chasinthacho ndi nthawi yake, monga "Lachiwiri m'mawa, zafika kumaso, thupi 38.7, akudyabe." Ngati wodwalayo ali ndi zidzolo ndi kutentha thupi ndipo tsiku latha osayankhidwa, m'mawa mwake mupite naye ku kiliniki, mutanyamula khadi, mapaketi a mankhwala ndi foni imene muli zithunzi za tsiku loyamba.